Ndimagwira ntchito ku Thyolo koma kwathu ndi ku Mulanje: ndikalembetse kuti?

Funso: Ndine bambo wobadwira ku Mulanje, kufupi ndi Muloza, koma tsopano ndikuthyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo ndipo ndikukhala komweko ndi banja langa. Mu 2024 ndinalembetsa mu kaundula wa ovota kumudzi. A kapitawo akuti aliyense wa pa esiteti azilembetsa pa sukulu ya pafupi ndi ntchito. Kodi ndikalembetsenso kuno? Chiphaso changa cha unzika chinatha mphamvu, komanso mnyamata wanga ali ndi zaka 17.

Yankho: Bambo, musakalembetsenso kachiwiri pamene dzina lanu lili kale mu kaundula wa ovota, chifukwa kutero ndi mlandu, ndipo cholakwa chimakhala cha amene walembetsayo ngakhale atachita pomvera wina.

Gawo 77 la Malamulo Aakulu a dziko lino limalola munthu kulembetsa m'dera limene amakhala, limene anabadwira, limene analembedwa ntchito kapena limene amachitira bizinesi. Inuyo muli ndi malo awiri okuyenerani: ku Mulanje chifukwa munabadwirako, ndi ku Thyolo chifukwa mumakhalako ndi kugwirako ntchito. Gawo lomweli likupitiriza kunena kuti munthu woyenera kulembetsa m'madera angapo alembetse m'dera limodzi lokha. Wosankha dera limodzilo ndinu. A kapitawo angathe kukhala ndi cholinga chabwino, mwina pofuna kuti anthu asamajombe masiku awiri chifukwa cha ulendo, koma mawu awowo ndi malangizo chabe, ndipo palibe wolemba anthu ntchito amene lamulo linamupatsa mphamvu yosankhira wantchito malo ovotera.

Musanasankhe, dziwani chimene chimasintha ndi malowo. Pa chisankho chachikulu mumalandira mapepala atatu: la mtsogoleri wa dziko, la phungu wa nyumba ya malamulo ndi la khansala. Loyambalo ndi lofanana m'dziko lonse, koma awiri enawo amatsata malo amene munalembetsa. Dzina lanu likakhala ku Muloza, mumasankha phungu ndi khansala wa kumeneko, ndipo pa tsiku la chisankho muyenera kukaonekera nokha pa malo omwewo. Simungafike pa sukulu ya pa esiteti ndi chiphaso chovotera cha ku Mulanje n'kupempha kuti akupatseni mapepala, chifukwa ogwira ntchito pa malo ovotera amayang'ana mu kaundula wa malo awo okha. Apa ndi pamene anthu ambiri a m'maesiteti amatayira voti yawo. Amalembetsa kumudzi ali pa tchuthi, tsiku likafika amapezeka alibe ndalama ya minibasi yodutsa ku Luchenza mpaka ku Limbuli, kapena amanyamuka mochedwa, chonsecho mu 2025 malo ovotera ankatsegulidwa 6 koloko m'mawa n'kutsekedwa 4 koloko madzulo. Maganizo anga ndi akuti, ngati ana anu amaphunzira ku Thyolo ndipo chipatala ndi msewu zimene mumagwiritsa ntchito zili komweko, kuvotera kumeneko n'kwanzeru. Koma ngati munda ndi mtima wanu zili kumudzi ndipo ulendo mungaukwanitse, lamulo silikukukakamizani kusamuka.

Mukafuna kuvotera ku Thyolo, njira yake ndi kusamutsa dzina. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC limalengeza masiku a ntchito imeneyi chisankho chisanafike, ndipo mumapita nokha ndi chiphaso chanu chovotera pa malo amene mukufuna kukavoterawo, kuti dzina lichotsedwe ku malo akale n'kuikidwa ku atsopano. Kusiyana kwake ndi kulembetsanso n'kwakukulu. Kaundula amamangidwa pa nambala ya chiphaso cha unzika pamodzi ndi chithunzi ndi zidindo za zala, choncho munthu wolembetsa kawiri amaonekera msanga. Nthawi yokhayo imene mungalembetse ngati watsopano ndi pamene MEC yalengeza kuti kaundula wakale wathetsedwa ndipo aliyense ayambirenso, monga zinalili mu 2024, pamene kalembera anachitika m'magawo atatu a masiku 14 lililonse kuyambira pa 21 Okutobala, Mulanje ali m'gawo loyamba ndipo Thyolo ali m'lachiwiri. Kusiyana kwa masiku kumeneku kuzikuchenjezani: kumva pa wailesi kuti kalembera akupitirira sikutanthauza kuti m'boma lanu akadalipo.

Chisankho chachikulu chinachitika pa 16 Seputembala 2025, ndipo chotsatira chikuyembekezeka mu Seputembala 2030. Pakati pa zaka zimenezi pamachitika zisankho zapadera phungu kapena khansala akamwalira kapena kutula pansi udindo, ndipo ovota amakhala a mu kaundula wa dera lokhalo. Chilengezo chotere chikatuluka, mvetserani bwino ngati kusamutsa mayina kwaloledwa, chifukwa zimene zimachitika pa chisankho chachikulu sizimachitika zonse pa chapadera.

Za chiphaso cha unzika, lamulo la zisankho la 2023 limafuna kuti wolembetsa aonetse umboni wakuti analembedwa ndi bungwe la NRB, lomwe limapereka ziphasozi. Kalata ya amfumu kapena chiphaso cha kuntchito, zomwe kale zinkathandiza, pazokha sizikwaniranso. Chimene lamulo likufuna ndi umboni wakuti muli mu kaundula wa mzika, ndipo n'chifukwa chake pa kalembera wa 2024 ziphaso zotha mphamvu zinkalandiridwa, monganso kapepala kamene NRB imapereka kwa munthu amene akudikira chiphaso chake. Unzika wanu sutha ndi tsiku lolembedwa pa chiphaso. Komabe pitani ku ofesi ya NRB ya pa boma mukachikonzetse panopa, mizere isanatalike.

Mnyamata wanuyo ndiye ali ndi ntchito yofunika kuichita msanga. Chiphaso cha unzika chimaperekedwa kuyambira zaka 16, choncho akalembetse ku NRB tsopano ngati sanatero, ndipo muonetsetse kuti tsiku lake lobadwa lalembedwa molondola, chifukwa ndi limene ogwira ntchito ya kalembera adzalitsate. Lamulo la zisankho limawerenga zaka pa tsiku lovota: amene adzakhale atakwanitsa zaka 18 pa tsikulo kapena lisanafike amaloledwa kulembetsa ngakhale pa nthawi ya kalembera akadali ndi zaka 17.

Mukasamutsa dzina, kapena mnyamatayo akalembetsa, musaphonye masiku oyendera kaundula, pamene MEC imatsegula malo kuti aliyense akaone ngati dzina ndi chithunzi chake zilipo. Dzina losowa kapena lolakwika limakonzedwa nthawi imeneyo, ndipo amene anataya chiphaso chovotera amapatsidwa china. Pa tsiku la chisankho wogwira ntchito sangawonjezere dzina mu kaundula, ngakhale akukudziwani ndi nkhope.

Mukakanizidwa kulembetsa kapena kusamutsa dzina pamene mukuona kuti ndinu woyenera, pemphani woyang'anira malowo akuuzeni chifukwa chake, kenako perekani dandaulo lanu polemba, lokhala ndi dzina lanu, malo ndi tsiku, n'kusunga pepala lina lofanana nalo. Likapanda kuthetsedwa pa malopo limapita ku MEC, ndipo gawo 76 la Malamulo Aakulu limakupatsani ufulu wochita apilo ku Khoti Lalikulu ngati simunakhutire ndi chigamulo cha bungwelo. Chitani zimenezi masiku a kalembera asanathe. Chiphaso chanu chovotera chikhale m'manja mwanu. Musachipereke kwa a kapitawo, amfumu kapena munthu wa chipani chilichonse amene akuti akufuna kulemba manambala.