Positala ya chifuwa chachikulu: chithunzi cha kamera kapena chojambula pamanja?

"Tikukonza positala yolimbikitsa anthu kukayezetsa chifuwa chachikulu akatsokomola kwa milungu iwiri. Idzasindikizidwa pa A2, kenako tidzaichepetsa kukhala timapepala ta A4 togawa. Ena akuti tijambule munthu weniweni ndi kamera, ena akuti tipeze katswiri ajambule pamanja. Titani?"

Pa positala imeneyi pezani wojambula pamanja. Munthu wotsokomolayo asakhale munthu weniweni amene wina angamuzindikire. Chithunzi cha kamera chili ndi malo ake, ndipo ndiwatchula, koma nkhope ya wodwalayo si malo ake.

Chifukwa choyamba ndi munthu amene mudzamujambuleyo. Positala imakhalitsa pakhoma kuposa kampeni yomwe inaibweretsa. Ikhoza kukhala zaka zitatu kapena zinayi ili pomwepo, ndipo owerenga salekanitsa pakati pa wodwala weniweni ndi munthu amene anangopemphedwa kuti aime ngati wodwala. Akaona nkhope pansi pa mawu akuti "chifuwa chachikulu", kwa iwo munthuyo ndi wodwala basi. Matendawa amayenda ndi kusalana, ndipo ambiri amawagwirizanitsa ndi kachilombo ka HIV ngakhale positalayo isanene chilichonse cha zimenezo. Kalata yachilolezo yosainidwa imateteza bungwe lanu, koma siiteteza mwini nkhopeyo kwa anansi ake kapena kwa bwana wake kuntchito. Akabwera patatha miyezi isanu n'kunena kuti wasintha maganizo, simungathe kukamatula mapepala onse amene anamwazika kale. Ena amayesa kuzemba vutoli pophimba maso a munthuyo ndi kamzera kakuda kapena pochititsa nkhope chimbuuzi. Musatero. Nkhope yobisidwa imauza wowerenga kuti matendawa ndi ochititsa manyazi, pamene inu mukufuna kuti apite kukayezetsa mosaopa.

Chifukwa chachiwiri ndi ntchito imene chithunzicho chikuyenera kugwira. Kamera imatenga chilichonse chimene chili kutsogolo kwake: mpando, khoma, wotchi ya pamkono, zolemba za pamalaya, munthu wodutsa kumbuyo. Diso la wowerenga limagwera pa chilichonse mwa zimenezi, ndipo kawirikawiri limagwera pa cholakwika. Mudzamva wina akunena kuti "awa ndi olemera, taonani nsapatozo", ndiye kuti uthengawo wauika kutali ndi iye. Wojambula pamanja amaika zokhazo zofunika. Komanso kutsokomola n'kovuta kukugwira ndi kamera. Munthu amene wagwira pakamwa pa chithunzi angaoneke ngati akuyasamula, akuseka kapena wadabwa. Pa chojambula, msana umapindika pang'ono, mapewa amakwera, nkhope imakwinyika, chigongono chimafika pakamwa, ndipo aliyense amadziwa kuti uyu akutsokomola.

Tsono si chojambula chilichonse chimene chingagwire ntchito, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Muuzeni katswiriyo kuti mukufuna munthu wooneka ngati munthu, wokhala ndi ziwalo za msinkhu woyenera ndi mithunzi pang'ono yoonetsa thupi. Zidole za mitu ikuluikulu akuluakulu amazitenga ngati za ana, ndipo tianthu ta timizera tokhatokha ambiri satizindikira. Munthuyo aoneke thupi lonse, kapena kuyambira m'chiuno kupita kumtunda. Dzanja lokha lolendewera pakona, kapena mutu wopanda thupi, zimasokoneza anthu amene sanazolowere kuwerenga zithunzi. Majeremusi musawakulitse kukhala tizilombo ta mano ndi maso, chifukwa wowerenga amanena kuti sanaonepo chinthu chotere m'makhololo mwake, choncho alibe vuto. Mapapo ooneka mkati mwa chifuwa chong'ambika amamveka kwa amene anaphunzira za thupi la munthu, koma kwa ena amaoneka ngati munthu wavulala. Mzera wofiira wopingasa, mivi, ndi kabaluni koonetsa zimene munthu akuganiza, zonsezi ndi zizindikiro zophunzira, ndipo si onse anaziphunzira.

Chinthu china chofunika kwambiri pa nkhani yanuyi: wotsokomolayo asaoneke wodwalika. Ojambula ambiri akamva za chifuwa chachikulu amajambula munthu wowonda kwambiri, nthiti zili pamtunda, ali chigonere. Amene mukumufuna ndi munthu amene akuyendabe, akugwirabe ntchito, koma chifuwa chakana kutha. Iyeyu akaona wowondayo amati "ine sindinafike pamenepo", n'kudikira. Jambulani munthu wooneka wamba, wovala bwinobwino, ataima, akutsokomola.

Positala yanu ndikanaiyala motere. Chithunzi chachikulu chimodzi chitenge pafupifupi theka la pepala: munthu uja akutsokomola. Pansi pake kachithunzi kakang'ono koonetsa munthu yemweyo, zovala zomwezo, akupereka kabotolo ka makhololo kwa wachipatala. Zovalazo zisasinthe ngakhale pang'ono, chifukwa zikasintha owerenga amaona anthu awiri osiyana ndipo nkhaniyo imaduka. "Milungu iwiri" ilembedwe ndi mawu komanso nambala yaikulu. Musadalire chithunzi cha kalendala yokhala ndi masiku 14 odulidwa, n'chovuta kuchimva munthu ali patali. Zizindikiro zina, monga kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi ndi kuwonda, zisungireni kapepala ka A4 kamene munthu amawerenga atakhala pansi. Positala ya pakhoma imaonedwa ndi munthu wodutsa, ndipo imakwanitsa kunyamula chochita chimodzi.

Kamera imapambana pamene wowerenga akuyenera kuzindikira chinthu chenicheni. Kukanakhala kuti positala yanu ndi ya nsungu za pakhungu, chilonda cha m'kamwa, kapena maonekedwe a paketi ya mankhwala, ndikanati jambulani ndi kamera, pafupi, popanda nkhope, chifukwa mtundu ndi kakhalidwe ka khungu wojambula pamanja sangazifanizire mokwanira. Imapambananso pamene mphamvu ya uthenga ili pa munthu weniweni: wamkulu amene anachira atamwa mankhwala kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo wasankha yekha kuyankhula poyera ndi dzina lake. Imeneyo ndi positala ina, ya uthenga wina, ndipo chilolezo chake chiyenera kunena momveka matenda amene adzatchulidwe, kumene chithunzicho chidzaikidwe ndi kutalika kwa nthawi imene chidzagwiritsidwe ntchito. Muonetseni positala yomalizidwa isanapite kosindikiza. Ngati anzanu akakamirabe pa kamera, njira yapakati ndi kujambula wachipatala weniweni atanyamula kabotolo kaja, n'kuchotsa zonse za kumbuyo kwake kuti atsale yekha pa pepala loyera. Kafukufuku wa Andreas Fuglesang ku Zambia anapeza kuti zithunzi zochotsedwa za kumbuyo motere zinkamveka bwino kwa anthu osazolowera kuwerenga, pamene kafukufuku wina wa ku Nepal wa mu 1976 anapeza kuti zojambula pamanja zokhala ndi mithunzi ndi zimene zinkazindikirika kwambiri. Awiriwa akugwirizana pa mfundo yakuti zotanganitsa maso zichoke.

Kusindikiza nakonso kukukokerani ku chojambula pamanja. Pepala la A2 ndi mamilimita 420 m'lifupi ndi 594 m'litali. Kuti chithunzi chodzaza pepala lonse chituluke chakuthwa pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, chimafuna mapikiselo 4961 m'lifupi ndi 7016 m'litali. Positala imaonedwa patali pang'ono, choncho 150 dpi imakwana, yomwe ndi mapikiselo pafupifupi 2480 ndi 3508. Foni ya mamegapikiselo 12 imatulutsa chithunzi cha pafupifupi 3000 ndi 4000, ndiye imakwanitsa, koma pokhapokha ngati simunachidule kwambiri. Chimene chimapha zithunzi zambiri ndi kutumizirana pa foni: mapulogalamu ochezera amachepetsa chithunzi, ndipo chikafika kwa wosindikiza chimatuluka ndi timabokosi m'mphepete mwa nkhope. Muzitumiza fayilo yoyambirira ngati dokyumenti. Chojambula chimene chakonzedwa pa kompyuta ngati vekitala, kutanthauza chopangidwa ndi mizera osati mapikiselo, mu fayilo ya SVG kapena PDF, chilibe vuto limeneli. Chimakula kuchoka pa A4 kufika pa chikwangwani cha pamsewu mizera ili yakuthwa chimodzimodzi. Chikakhala chojambulidwa papepala, chisikanidwe pa 600 dpi.

Timapepala ta A4 tija ndiye muyeso weniweni. Posakhalitsa wina adzatipanga fotokope yakuda ndi yoyera, kenako fotokope ya fotokopeyo. Chithunzi cha kamera chimadalira mithunzi yosalala, ndipo makina a fotokope amaisandutsa chibanthu chakuda, makamaka pa nkhope ya munthu wa khungu lakuda: maso ndi pakamwa zimasowa. Chojambula cha mizera yolimba chimapulumuka. Ngakhale pa makina abwino, chithunzi chimada chikachoka pa sikirini, imene imagwiritsa ntchito kuwala kwa mitundu itatu kotchedwa RGB, kupita ku inki ya mitundu inayi yotchedwa CMYK, choncho pemphani kope imodzi yoyesera pa pepala lenilenilo musanalamule zonse. Positala ikakhala padzuwa, inki yofiirira ndi yachikasu ndi zimene zimayamba kufwifwa, nkhope n'kutsala yabuluu ngati ya wodwala kwambiri. Mizera yakuda imakhalitsa.

Musanalipire chojambula chomalizidwa, yesani chosamalizidwa. Sindikizani pa kukula kwake kwenikweni, phimbani mawu onse, ndipo muonetse anthu 10 mpaka 15 a gulu lomwe mukulifuna, mmodzimmodzi, ataima pa mtunda wa mamita atatu. Asakhale ogwira nawo ntchito, chifukwa iwo uthengawo akuudziwa kale. Musafunse kuti "kodi n'chokongola?" kapena "mwamva?", aliyense adzavomera mwaulemu. Funsani kuti "mukuona chiyani apa?", kenako "munthuyu akutani?", kenako "chithunzichi chikufuna kuti inu mutani?" Lembani mayankho momwe anenera. Ngati atatu mwa khumi anena kuti munthuyo akulira kapena akusanza, chojambulacho chibwerere kwa mwini wake, ndipo mukakonza mukayesenso kwa anthu ena atsopano. Mukatha zimenezo vundukulani mawu aja, muone ngati akunena chimodzimodzi ndi chithunzi. Ngati mkangano wa kuntchito kwanu sunathe, jambulani chithunzi cha kamera choyesera, wina wa inu ataima ngati wotsokomola, chosapita pakhoma, n'kuchiyesa limodzi ndi chojambulacho, theka la anthu liyambe kuona ichi, theka lina liyambe icho.

Pa mgwirizano wanu ndi wojambulayo mulembemo maulendo awiri okonza pambuyo pa kuyesaku, ufulu wogwiritsa ntchito chojambulacho pa zinthu zina za kampeni, ndi kuti akupatseni fayilo yoyambirira imene mawu ali padera ndi chithunzi, kuti mudzathe kusintha chinenero popanda kujambulanso. Womaliza kuona positalayo isanasindikizidwe akhale wachipatala wodziwa za chifuwa chachikulu, aonetsetse kuti kabotolo kali ndi chivindikiro chake ndiponso kuti wotsokomolayo watseka pakamwa ndi chigongono kapena kansalu, osati ndi chikhatho.