Alekichala andiitana pa nkhani ya asayinimenti

"Ndili chaka chachitatu pa koleji ina kuno ku Lilongwe. Alekichala andilembera imelo yaulemu kuti asayinimenti yanga ikufanana ndi ya wina, ndipite Lachinayi tikakambirane nkhaniyi isanapite kwina. Ndinalemba ndekha, koma ndinatumizira mnzanga pa WhatsApp kuti angoona kayalidwe kake. Ndikanene chiyani?"

Mchemwali wanga, yambani mwayankha imeloyo lero lomwe. Mizere itatu yakwana: mwailandira, mubwera Lachinayi pa nthawi yomwe anena, ndipo mukupempha kuti akuuzeni ndime zomwe zikufananazo. Musayambe kudziteteza mu imelo, pakuti simunaone chomwe iwo aona.

Mawu akuti "isanapite kwina" ndi ofunika. Mphunzitsi amene wagamula kale kuti mwabera amangotumiza mapepala kwa mkulu wa dipatimenti. Awa akufuna amve kaye mbali yanu, ndipo ine ndimawalemekeza aphunzitsi otere. Komabe zomwe mukanene zikhoza kulembedwa n'kukafika ku komiti ya disipulini, choncho mukangokhala pansi funsani mwaulemu ngati zokambiranazo zikulembedwa, komanso ngati malamulo a koleji yanu akulola kubwera ndi munthu wina.

Mwina iwo aona lipoti la pulogalamu ngati Turnitin. Pulogalamuyi imangoonetsa kuti mawu a pepala ili akupezekanso pa pepala lina. Siidziwa amene analemba poyamba. Ngati mnzanuyo anapereka Lolemba inu n'kupereka Lachitatu, lipoti lionetsa ngati wokopera ndinu. Apa ndi pamene umboni wanu ugwire ntchito.

Uthenga wa pa WhatsApp uja musaufufute, ngakhale mukuchita nawo mantha. Uli ndi tsiku ndi nthawi, ndipo ukusonyeza kuti fayilo inachoka kwa inu kupita kwa iye. Ngati munalembera mu Google Docs, tsekulani File kenako Version history: muona mmene ndime zinkakulira tsiku ndi tsiku, zomwe wokopera sangaonetse chifukwa zake zimabwera zonse pa kamodzi. Ngati ndi Word, tengani mafayilo akale a pa laputopu kapena pa fulashi mmene alili, osasinthamo kanthu n'kusunganso, chifukwa tsiku lake lisintha. Tenganinso kope lanu la manotsi. Werenganinso asayinimentiyo bwinobwino, poti akhoza kukufunsani komwe munatenga mfundo ya m'ndime yachiwiri, kapena chifukwa chomwe munasankhira buku lakutilakuti.

Chowawa n'chakuti m'makoleji ambiri kupatsa mnzako ntchito yako nakonso kumawerengedwa ngati mlandu, ngakhale unalibe cholinga choipa. Nenani nokha zoti munatumiza fayiloyo, iwo asanafunse. Ndikudziwa kuti mukuopa kuoneka ngati mwamupereka mnzanu, koma simukufunika kunena kuti anakopera, poti simunamuone akutero. Nenani zomwe inu munachita basi.

Ndipo mnzanuyo akakuimbirani kuti mugwirizane chokanena, kanani. Alekichala nthawi zambiri amaitana aliyense payekha, ndipo nkhani yopangana imasiyana pa funso lachitatu lomwe.