Musanayambe kusunga manambala a ku Joni, konzani WhatsApp

Abale anga ochokera ku Nsanje, Bangula, Ngabu ndi Nchalo amene mwangofika kumene, foni yanu idzadza msanga ndi manambala achilendo: bwana wa ganyu, mwini nyumba, transipota wonyamula katundu wopita kumudzi. Dziwani kuti posankha amene aziona zanu pa WhatsApp, mukasankha My contacts, WhatsApp imawerengera aliyense amene mwasunga nambala yake, ngakhale munakumana naye kamodzi kokha pa siteji ya basi.

Lowani mu Settings, kenako Privacy. Pa Last seen and online ine ndinaika Nobody, ndipo m'munsi mwake Same as last seen. Kale ndinkati ndikasuzumira pafoni pakati pa usiku, m'mawa kumudzi ayamba kale kudandaula kuti ndikuwazemba pa nkhani ya ndalama. Kuipa kwake n'kwakuti nanunso simuona nthawi imene anzanu analowa komaliza. Chithunzi chanu chiikeni pa My contacts except... n'kuchotsamo amene simuwadziwa bwino, chifukwa wakuba amachiika pa nambala ina n'kulembera amayi kuti mwagwidwa, atumize ndalama.

Pa Groups musasiye Everyone, sankhani My contacts. Amene simunasunge nambala yake azikutumizirani kaye pempho, lomwe limatha pakapita masiku 3. Magulu a maliro a kwathu sadzakuphonyani, musadandaule.

Chimene chinandipweteka ine ndi Disappearing messages, mauthenga amene amafufutika okha pakapita nthawi. Madzi a namondwe Freddy atagwetsa nyumba ya amayi ku Bangula mu Malichi 2023, ndinapatsa transipota wina ndalama ndi katundu. Mtengo tinagwirizana pa WhatsApp, chithunzi cha katunduyo ndinamutumizira, iye n'kuyankha kuti walandira zonse. Sindinalabadire kachizindikiro kokhala ngati wotchi pa chithunzi cha transipotayo, pafupi ndi dzina lake. Anali ataika 7 days. Patatha masabata atatu katundu anafika wosakwanira, ndipo nditatsegula kuti ndimuonetse zimene tinapangana, ndinapeza mbee, mulibe kanthu.

Nthawizo zilipo zitatu, 24 hours, 7 days ndi 90 days, ndipo aliyense wa inu awiri akhoza kuyatsa. Mukaona kawotchiko pomwe mukukambirana za ndalama, dinani dzina la munthuyo pamwamba, lowani pa Disappearing messages, sankhani Off. Koma mauthenga amene analembedwa kale adzafufutikabe pa nthawi yake. Mukhoza kudina uthenga osachotsa chala n'kusankha Keep, komabe amene anaulembayo ali ndi mphamvu yobweza zimenezo. N'chifukwa chake ine ndimajambula sikirinishoti pomwepo n'kutumizira achemwali ku Nchalo.

Ndipo inunso musaganize kuti kawotchiko kabisa zanu. Amene mukumulemberayo naye amadziwa kujambula sikirinishoti.