Ndikaima kuti ndiyankhule Chingerezi pamsonkhano, mawu amandithawa

Funso: "Abale ndithandizeni. Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a mpunga kuno ku Lifuwu. Kukabwera alendo, kapena akatiitana ku Salima boma, lipoti timapereka m'Chingerezi. Kulemba ndimatha, koma ndikangoimirira mtima umagunda, mawu onse balala. Ndimaopa kuti anthu andiseka."

Achemwali, ine ndaphunzitsa Chingerezi kusekondale zaka zambiri kuno ku Salima, ndipo ana onga inu ndimakhala nawo chaka chilichonse: papepala amakhoza, koma ukawaloza m'kalasi amangoyang'ana pansi. Ambiri a ife Chingerezi tinachiphunzira ndi cholembera, pokonzekera mayeso a MSCE, pomwe umakhala ndi mpata wofufuta. Poyankhula mpata umenewo palibe. Mukaimirira mumayamba mwaganiza m'Chichewa, kenaka mumasulire, kenakanso muone ngati galamala ili bwino, uku anthu akukuyang'anani. Ntchito zitatu pakamodzi, mutu umangoima.

Ndiye choyamba, dziwani kuti zolakwa sizifanana kulemera. Pali zina zochokera ku Chichewa chathu zimene sizisokoneza uthenga. Ife timati "iye" kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, choncho "hi" ndi "shi" amatisemphana pakamwa. L ndi R kwa ife sasiyanitsa tanthauzo la mawu. Mawu athu amathera ndi lembo la liwu, n'chifukwa chake timawonjezera ka "i" kumapeto kwa mawu a Chingerezi. Zimenezi mudzazimva ngakhale kwa mabwana okhala kutsogolo, ndipo msonkhano umapitirira. Zikakuchitikirani musabwerere, musapepese. Kupepesako n'kumene kumaonetsa anthu pamene mwapunthwa, pomwe ambiri sanamve n'komwe.

Zolakwa zoyenera kuziopa ndi zosintha nkhani, makamaka manambala ndi nthawi. Mukatchula 15 mothamanga amamveka ngati 50, chimodzimodzi 13 ndi 30. Pa lipoti la kopaletivi, apa ndiye poopsa. Mankhwala ake ndi apafupi: tchulani nambalayo, kenaka muibwereze potchula manambala ake payekhapayekha, wani faifi. Nthawinso ionekere poyera, kuti omvera adziwe ngati mpunga munagulitsa kale kapena mukufuna kugulitsa. Ngakhale mneni atakhota, mukangoyamba ndi "chaka chatha" kapena "mwezi wamawa" m'Chingerezi, aliyense atsatira.

Tiyerekeze kuti lipoti lanu ndi ili: muli mamembala 48, munakolola matumba 315, mwagulitsa 200, otsalawo akusowa msika, ndipo mukupempha thandizo la mayendedwe. Musalembe tsamba lonse n'kuliloweza. Ndaona ana ambiri akugwa nako kuloweza, chifukwa liwu limodzi likangosowa, zonse za kutsogolo zimapita nalo limodzi. Lowezani chiganizo choyamba chokha, chotchula dzina lanu, udindo ndi kopaletivi, mpaka chizituluka chokha ngati moni. Mantha amakula kwambiri poyambira, ndiye poyambirapo pasakhale choganiza. Zinazo lembani pakapepala kokwana m'dzanja, mizere inayi, mzere uliwonse liwu limodzi ndi nambala yake: mamembala 48, zokolola 315, zogulitsa 200, mayendedwe. Poyankhula, mzere uliwonse ukhale chiganizo chimodzi chachifupi. Chichewa chimalola kulumikiza nkhani ndi "ndiye" mpaka kutali, koma mukatero m'Chingerezi mumasochera pakati. Malizani chiganizo, pumani, yambani china.

Kwa masiku asanu msonkhano usanafike, dzijambuleni mawu pafoni mukupereka lipotilo, mutaimirira, mokweza ngati muli muholo. Sizipitirira mphindi imodzi. Tsiku loyamba mawu anu adzakuchititsani manyazi, aliyense zimamutero. Mverani, sankhani cholakwa chimodzi chokha chokonza tsiku limenelo, mujambulenso. Tsiku lachinayi tumizirani pa WhatsApp munthu amene mumamukhulupirira, ndipo musamufunse ngati Chingerezi chili bwino. Mufunseni kuti wamva matumba angati ndiponso kuti mukupempha chiyani. Akayankha molondola, lipoti lapsa.

Kukonzekeraku kuli ndi malire ake, chifukwa mafunso a pambuyo pa lipoti simungawadziwiretu onse. Komabe ambiri ndi odziwika: mtengo pa kilogalamu, ogula ndi ndani, amayi ndi angati mwa mamembala. Konzani yankho la chiganizo chimodzi pa lililonse. Mlendo akafunsa mothamanga, mupempheni abwereze pang'onopang'ono, ndipo chiganizo chopemphera chimenecho muchilowezenso. Liwu likakusowani pakati, litchuleni m'Chichewa n'kupitiriza. Muholo ya ku boma anthu ambiri ndi akwathu konkuno, wina adzakuponyerani la Chingerezi.

Ngati wapampando salondola mndandanda, kwezani dzanja koyambirira. Mukadikira kumapeto, mumakhala maola awiri mukudziyerekeza ndi aliyense amene wayankhula, ndipo pofika nthawi yanu kukhosi kwauma kale.