Lipoti la 48 MB: lichepe bwanji manambala osawonongeka?

"Ndimagwira ntchito m'bungwe laling'ono, ndipo ine ndiye ndimaika zinthu pa webusaiti yathu. Lipoti lathu la pachaka lili ndi masamba 36 ndipo likulemera 48 MB. La maodita tinachita kusikana, masamba 20, likulemera 31 MB. Webusaiti ikukana onse awiri akuti akula. Ndinayesa kufinya la pachakalo pa webusaiti ina yaulere, linatsika kufika 2 MB, koma manambala a m'tebulo la ndalama anasiya kuwerengeka. Otithandiza akufuna awaone sabata ino. Kodi ndipemphe amene amatisungira webusaiti kuti akweze malirewo?"

Zikomo mayi pondilembera. Malire aja asiyeni mmene alili. Atakwezedwa, fayilo ilowa inde, koma katunduyo mwangomusenzetsa munthu wofuna kuwerenga. 48 MB ndi mamegabiti 384, ndiye pa intaneti yoyenda 1 Mbps, megabiti imodzi pa sekondi, munthu adikira mphindi zoposa 6, pamene fayilo ya 4 MB imatsika m'masekondi 32. Komanso opereka thandizo sawerenga lipoti okha. Amalitumiza kwa anzawo a zachuma ndi kwa a bodi, ndipo Gmail salola kumata fayilo yoposa 25 MB. Maofesi ena malire awo ndi ochepa kuposa pamenepo. Ine muyeso wanga ndi wakuti lipoti lokhala ndi zithunzi lisapitirire 5 MB, ndipo la mawu ndi matebulo okha lisamafike pa 1 MB.

Choyamba n'kudziwa chimene chikulemera. Mawu salemera. Masamba 36 a mawu okhaokha, pamodzi ndi mitundu ya zilembo imene imasungidwa mu PDF, kawirikawiri sakwana 1 MB. Ndiye kuti mwa 48 MB yanuyo, pafupifupi yonse ndi zithunzi. Ndikuganiza kuti amene anakukonzerani lipotiyo anakupatsani fayilo yomwe anatumiza kosindikiza, ndipo sanalakwe, chifukwa makina osindikizira amafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse, zimene amalemba kuti 300 dpi. Tsamba la A4 ndi mainchi 8.27 m'lifupi ndi 11.69 m'litali. Chithunzi chodzaza tsamba lonse pa 300 dpi chimakhala ndi timadontho 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, kutanthauza timadontho pafupifupi 8.7 miliyoni. Pa 150 dpi ndi 1240 ndi 1754, pafupifupi 2.2 miliyoni. Mwaona pamenepa? Mukachepetsa dpi ndi theka, timadontho timatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, chifukwa mwadula m'lifupi ndi m'litali momwe. Ndipo 150 dpi imakwanira bwinobwino pa sikirini, ngakhale munthu atasindikiza pa pulinta ya mu ofesi.

Tikawerengera lipoti lanu, zithunzi za 47 MB zikatsika kanayi zitsala pafupifupi 12 MB. Zotsalazo zimachepa pofinya JPEG pang'ono. Fayilo yopita kosindikiza imasunga zithunzi pa mlingo wapamwamba kwambiri, koma mukaika pa 75 kapena 80 mwa 100 diso siliona kusiyana pa chithunzi cha anthu kapena cha malo, pamene kulemera kumatsika ndi theka kapena kuposa. Apo mwafika cha m'ma 5 MB, palibe chimene mwachotsa.

Njira yabwino koposa ndi kubwerera kugwero, osati kufinya PDF imene yatuluka kale. Muimbireni wokonza uja kuti akutulutsireni kope lachiwiri la pa webusaiti, zithunzi pa 150 dpi, tsamba limodzilimodzi osati awiriawiri oyang'anizana, lopanda timizere todulira ta m'mphepete. Kwa iye ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ngati lipoti munalemba nokha mu Word, dinani chithunzi chimodzi, pitani pa Compress Pictures, chotsani chizindikiro pa Apply only to this picture, siyani cha pa Delete cropped areas of pictures, kenako sankhani Web (150 ppi). Cha Delete cropped areas chija anthu ambiri sachidziwa: mukadula chithunzi mu Word, mbali yodulidwayo imangobisika koma imakhalabe m'fayilo. Mu LibreOffice zonse zili pa Export as PDF, pamene pali JPEG compression ndi Reduce image resolution. Chitani zimenezi pa kope, fayilo yoyamba muisunge padera, chifukwa timadontho tikatayika sitibwereranso.

Ngati wokonzayo sakupezeka ndipo muli ndi PDF yokhayo, pali pulogalamu yaulere ya Ghostscript:

```
gs -sDEVICE=pdfwrite -dPDFSETTINGS=/ebook -dNOPAUSE -dBATCH -sOutputFile=lipoti-web.pdf lipoti.pdf
```

Mawu akuti `/ebook` amatsitsa zithunzi kufika pa 150 dpi. Palinso `/screen`, imene imatsitsa mpaka 72 dpi, ndipo imeneyo musaikhudze pa lipoti la ndalama. Ndikukhulupirira kuti webusaiti yaulere ija inachita zofanana ndi zimenezo.

Tsopano za tebulo lanu lija, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Kufinya PDF sikuwononga mawu enieni. Zilembo zolembedwa ndi kompyuta zimasungidwa ngati mizere yojambula, ndipo zimaoneka zakuthwa ngakhale mutakulitsa kakhumi. Ngati manambala anu anachita chimbuuzi, nthawi zambiri ndiye kuti tebulolo silinali mawu, linali chithunzi. Mwina wina anajambula sikirini ya Excel n'kumata m'lipoti. Tsegulani fayilo yoyamba ija, yesani kukoka mbewa pa nambala imodzi kuti muikope, kapena dinani Ctrl+F mufufuze nambala imene mukuiona ndi maso. Ikapanda kupezeka, ndi chithunzi. Mankhwala ake si kufinya pang'ono ayi, koma kulembanso tebulolo ngati tebulo lenileni. Likatero lilemera pang'ono zedi, liwerengeka pa foni, ndipo wa zachuma uja atha kukopa manambala n'kuika m'buku lake osachita kulemba pamanja. Anthu osaona amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yowawerengera mawu nawonso sangamve chilichonse pa tebulo la chithunzi. Machati nawonso chimodzimodzi: amatidwe kuchokera mu Excel mwachindunji, osati ojambulidwa pa sikirini.

Ine zinandionekera zimenezi. Ndinafinya lipoti la bungwe lina usiku, n'kuyang'ana chikuto ndi masamba awiri oyamba, ndinaona zili bwino, n'kuika. Patapita masiku atatu wa zachuma wa kwa opereka thandizo analemba kufunsa ngati nambala ina m'tebulo inali 3 kapena 8. Funso linali laulemu, koma linandipweteka, chifukwa lipoti la ndalama likayamba kufunsidwa chonchi, munthu amayamba kukayikira ndi zina zomwe zinali zolondola. Kuyambira tsiku limenelo, ndikafinya fayilo ndimatsegula tsamba la tebulo lokhala ndi zilembo zazing'ono kwambiri, n'kukulitsa pa 200%, ndisanayang'ane china chilichonse.

Ngati mukufuna kuona chithunzi chenicheni chimene chikudya malo, lamulo ili la m'gulu la mapulogalamu a PDF lotchedwa Poppler limathandiza:

```
pdfimages -list lipoti.pdf
```

Limaonetsa chithunzi chilichonse, tsamba lake, ndipo kumapeto kuli `x-ppi` ndi `size`. Nthawi zambiri mupeza kuti zithunzi zitatu kapena zinayi ndizo zasenza theka la fayilo, kapena logo ya masentimita atatu imene ili ndi timadontho zikwi zinayi m'lifupi.

Lipoti la maodita ndi nkhani ina, ndipo njira ya pamwambayi musaigwiritse ntchito mwachisawawa. Pepala losikana ndi chithunzi tsamba lonse, mawu ndi manambala omwe, ndiye mukalifinya mukufinya manambalawo. Masamba 20 pa 31 MB ndi 1.5 MB tsamba lililonse, chizindikiro chakuti sikana inali pa mitundu yonse. Pamenepo makina amasunga ngakhale kuyera kwa pepala ndi kamthunzi ka m'mphepete. Choyamba funsani maoditawo PDF yochokera pa kompyuta yawo, popeza lipotilo sanalembe pamanja. Masamba okhala ndi siginecha ndi chidindo, amene amakhala awiri kapena atatu, ndiwo musikane a mitundu pa 200 dpi n'kuwalowetsa m'malo mwake, mutawauza maoditawo kuti mwatero. Akakana kupereka fayilo, sikaninso masamba a mawu pa Black & White, 300 dpi. Zikumveka zosemphana kuti dpi yakwera koma fayilo yapepuka, koma chifukwa chake n'chakuti kadontho kamtundu kamafuna mabiti 24, pamene kakuda kapena koyera kamafuna biti imodzi. Tsamba loyera bwino la mawu limatha kutsika pansi pa 100 KB. Vuto la njirayi n'lakuti mizere ya tebulo yopakidwa mtundu wotuwa imatha kusanduka yakuda bii n'kumeza manambala, ndipo chidindo chofooka chimatha kuzimiririka. Masamba oterowo asikaneni pa Grayscale, 200 dpi. Pomaliza ipititseni fayiloyo pa OCR, njira yozindikira zilembo za pa tsamba losikana kuti zikhale mawu enieni, kaya ya sikana yanu kaya pulogalamu ya OCRmyPDF, kuti Ctrl+F izigwira.

Chenjezo limodzi lalikulu: ngati maodita anasaina PDF ndi siginecha ya pakompyuta, ija imaonetsa uthenga wotsimikiza mukatsegula fayilo, musaifinye, musaonjezere tsamba, musachotse kanthu. Ghostscript imalemba fayilo yatsopano, ndipo siginecha ija imafa. Imeneyo iikeni mmene inabwerera, ikakhala yaikulu apempheni iwowo aichepetse n'kusainanso.

Poika pa webusaiti, malipoti awiriwa akhale mafayilo awiri, chifukwa amene akufuna la maodita safuna kutsitsa zithunzi. Dzina la fayilo linene za mkati, monga `bungwe-lanu-lipoti-la-pachaka-2024.pdf`, zilembo zazing'ono, popanda mipata, ndipo muyambe ndi dzina la bungwe lanu, chifukwa fayiloyo ikakakhala m'kompyuta ya munthu pakati pa malipoti a mabungwe ena makumi angapo. Pa linki lembani mtundu, kulemera ndi masamba: "Lipoti la pachaka la 2024, PDF, 4.6 MB, masamba 36". Munthu amene ali pa foni adziwiretu chimene akudina. Pamwamba pa linkiyo ndimakonda kulemba ndime imodzi ya manambala akuluakulu, ndalama zimene zinalowa, zimene zinagwiritsidwa ntchito ndi anthu amene anafikiridwa, chifukwa ambiri amangofuna zimenezo. Manambala ake akhale ofanana ndendende ndi a mu PDF.

Mukamaliza, tengani foni, zimitsani Wi-Fi, tsitsani mafayilo onse awiri kuchokera pa webusaiti penipenipo, osati pa kompyuta yanu. Werengani masamba ngati akwana 36 ndi 20, dinani malinki a mkati mwa lipoti, kenako pitani pa tebulo lija. Mukatha kuwerenga nambala yaing'ono kwambiri ya pansi pake osatsinzinira, atumizireni linki otithandizawo.