Yambirani pa anapiye 50, ndipo musakongole

"Chaka chatha ndinaweta nkhuku za nyama 500 ndi ngongole ya banki mkhonde. Zina zinafa, zambiri ndinagulitsa motaya. Ngongole ndamaliza kubweza, khola lili chikhalire, koma ndikangoganiza zoyambiranso mtima umagunda. Kodi ndingozisiya?"

Achemwali, pepani kwambiri. Mantha amenewa musalimbane nawo, chifukwa akunena zoona: simungakwanitse kutayanso ndalama zochuluka chonchija. Chofunika ndi kuchepetsa zomwe mungataye mpaka pomwe mungagone tulo ngakhale zitapita zonse. Kwa ine malire amenewo ndi anapiye 50, ogulidwa ndi ndalama zanuzanu.

Musanaitanitse mwanapiye ndi mmodzi yemwe, khalani pansi ndi kope mukumbukire sabata yomwe zinthu zinasokonekera. Ngati anapiye ankafa sabata yoyamba ataunjikana pafupi ndi mbaula, kunali kuzizira. Ngati zinayamba kufa kuyambira sabata yachitatu zikutsegula zitosi zoyera zamadzimadzi, kawirikawiri ameneyo ndi gumboro, pomwe kupinda khosi, kubanika ndi zitosi zobiriwira zimaloza chitopa. Koma mawu anu oti munagulitsa motaya akundiuza kuti bala lalikulu linali msika, ndipo ambiri sazindikira msanga mmene msika umaphera bizinesi imeneyi.

Nkhuku ya nyama imadya pafupifupi makilogalamu 4 kuti ifike masabata 6. Ikafika pamenepo imadya magalamu oposa 150 tsiku lililonse. Ndiye ngati nkhuku 300 zinatsala m'khola kudikira ogula, zinkamaliza pafupifupi thumba la makilogalamu 50 patsiku. Sabata imodzi yochedwa ndi matumba 6 kapena 7, pomwe wogula pamsika sawonjezera mtengo chifukwa choti nkhuku yakhalitsa. Mavenda amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amabwera ndi mtengo wawo podziwa kuti simukana.

Tsono ulendo uno muyese msika. Anapiye 50 amafuna matumba 4 a chakudya, limodzi la sitata, otsalawo gulowa ndi finisha. Gulani onse anayi anapiye asanafike, chifukwa mitengo ya chakudya siikhazikika; amene ankaweta mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, akudziwa zomwe ndikunena. Kagawo ka khola ka mamita 2 mulifupi ndi 3 mulitali n'kokwanira, kwinako tsekani. Katemera wa chitopa ndi gumboro musadumphe poti nkhuku n'zochepa. Funsani wogulitsa anapiye katemera amene alandira kale ndi masiku operekera otsalawo, ndipo poti kabotolo kamodzi kamakwanira nkhuku mazanamazana, gawanani ndi mnzanu woweta tsiku lomwelo mwasungunula.

Ntchito yeniyeni ichitike anapiye asanabwere. Lembani mayina a ogula ndi chiwerengero cha nkhuku zomwe aliyense atenge: aphunzitsi apafupi, amayi a lesitilanti, wokazinga tchipisi, a kutchalitchi. Musaitanitse anapiye mpaka nkhuku 30 zitapeza eni ake, ndipo amene angathe aperekeko kachikole. Kenako werengani masabata 6 chobwerera m'mbuyo kuti nkhuku zidzakhwime anthu atangolandira malipiro. Mukalephera kupeza eni a nkhuku 30, mwaphunzira chinthu chachikulu osataya ngakhale tambala.

Phindu muziliwerengera mu nkhuku, chifukwa mitengo ya lero mawa yasintha. Phatikizani zonse, anapiye, chakudya, katemera, makala, utuchi ndi thiransipoti, mugawe ndi mtengo wa nkhuku imodzi pamsika wanu. Tiyerekeze kuti yankho ndi 38. Pa anapiye 50, kufa awiri kapena atatu si zachilendo, ndiye mwatsala ndi 47, ndipo phindu lanu lonse ndi nkhuku 9 zokha. Mukakongoza anthu nkhuku 5 osalipira, ndiponso mukachedwa kugulitsa ndi sabata n'kugula thumba lachisanu, phindu lija latha. Wonena kuti "ndidzapereka mwezi ukatha" muuzeni mwaulemu kuti nkhuku yake imudikira m'khola mpaka tsiku lakuti, kupitirira apo igulitsidwa kwina.

Ndinene poyera kuti nkhuku 50 sizingakudyetseni, ndipo kugulitsa 50 kwa anthu okudziwani sikutanthauza kuti msika wa 500 ulipo. Zomwe mugule ndi ndalama zimenezi ndi mayankho atatu: zafa zingati, zadya matumba angati, zatha masiku angati. Lembani musanayambe kuti zikafa zoposa 5, kapena zikatenga masiku oposa 7 kuti zithe, simuwonjezera chiwerengero mpaka mutapeza chifukwa chake. Zikayenda bwino, tsukani khola, lipume masabata awiri, mubwerezenso 50 omwewo. Ulendo wachiwiri ndi umene udzaonetse ngati ogula aja amabweranso kapena ankangokumverani chisoni. Akabweranso, pitani pa 100 ndi ndalama zomwe nkhukuzo zabweretsa.