Kalata yopita ku bodi: kutamanda, kuthokoza kapena kuzindikira ntchito?

"Msungichuma wa bungwe lathu wakonza mabuku a ndalama omwe anali osokonekera kwa zaka ziwiri. Ndikufuna kulembera bodi za iyeyo. Kodi ndimutamande, ndimuthokoze, kapena ndilembe bwanji?"

Zikomo pondilembera. Kalata yanuyi ikhale yozindikira ntchito imene wagwira.

Mukamatamanda munthu mumanena mmene inuyo mukumuonera: ndi wakhama, ndi wokhulupirika, palibe wofanana naye. Mawu oterewa amakoma pakamwa, koma bodi ilibe pogwira, chifukwa palibe angawatsimikize. Wapampando akawawerenga akhoza kungoganiza kuti awiri inu mumagwirizana. Kuthokoza nakonso kuli ndi njira yake: kumachokera kwa amene wathandizidwa kupita kwa amene wathandiza. Mabukuwo sinakonze ndi bodi ayi. Choncho zikomo wanuyo mukamuuze msungichumayo maso ndi maso, kapena mumulembere kalata yakeyake.

Kuzindikira ntchito ndi kuika poyera kuti uje wachita chakuti, pa nthawi yakuti, ndipo bungwe lapindula motere. Zimenezi ndiye zimayenera bodi, pakuti bodi imayendera zolembedwa. Zomwe zalowa m'maminitsi zimakhalapobe ngakhale mamembala atasintha, ndipo ndi zomwe anthu amabwererako tsiku lokambirana za kukweza munthu pa udindo kapena kumuonjezera kontirakiti.

M'malo monena kuti ndi katswiri, mungalembe chonchi: "Ndikudziwitsa bodi kuti msungichuma wathu wafananitsa malisiti onse a zaka ziwiri zapitazi ndi masitetimenti a ku banki, wapeza ndalama zomwe zinalembedwa kawiri, ndipo mabuku tsopano ndi okonzeka kuonedwa ndi ofufuza za chuma. Ndikupempha kuti ntchito imeneyi ilembedwe m'maminitsi a msonkhano ukubwerawu." Mulibemo mawu okometsera, komabe aliyense wowerenga adziwa yekha kuti munthuyu ndi wakhama. Chiweruzo mwachisiyira bodi, yomwe ndi mwini wake wa udindowo.

Kuti mudziwe ngati mwaterereka n'kuyamba kutamanda, fufutani dzina lake pa chiganizo chilichonse n'kuikapo la wantchito wina. Chiganizo chikamvekabe bwino, ndiye kuti sichikunena ntchito yake, chichotseni.

Chomwe ndimaopa kwambiri pa makalata otere ndi kuiwala anthu ena. Ngati pali kalaliki amene ankasanja malisitiwo, mutchuleni pamodzi ndi zomwe anachita, chifukwa kalata yolowa m'maminitsi ikamusiya, ndiye kuti bungwe lalemba kuti iye sanachitepo kanthu. Musanatumize, muonetseninso msungichumayo zomwe mwalemba kuti atsimikize kuti n'zoona. Ndipo ngati mukufuna kuti akwezedwe malipiro, imeneyo ikhale kalata ina. Mukaziphatikiza, bodi iona ngati zonse zija munalemba pofuna kutsegulira njira pempholo.

Bodi muithokoze ndi chiganizo chimodzi kumapeto, pa chinthu chomwe yachitadi, monga kulola kuti msungichumayo apatsidwe nthawi yogwira ntchitoyi.